Kusereulana pa lamya: chingwe chomanga ubwenzi wa a kunja

Munthu wongodutsa akamva momwe Amalawi ena okhala ku Joni kapena ku Mangalande amayankhulira pa lamya ndi anzawo akale, akhoza kuyesa kuti yabuka ndewu. Moni wake ndi wotchana mtchona, mbuli kapena dzina lachipongwe la kusukulu. Komatu apo ndiye kuti ubwenzi uli moyo.

Khalidweli silinabwere ndi lamya. Pachichewa, munthu ndi msuweni wake amaloledwa kunyogodolana popanda wopsa mtima, ndipo adzukulu amachita nthabwala ngakhale pamaliro. Anthu omwe adakulira limodzi amangobwereka ufulu womwewo.

Tiyerekeze anyamata awiri omwe ankagulitsa limodzi kaunjika pamsika wa Lizulu. Wina tsopano akusamalira maluwa panyumba ina ku Johannesburg, winayo adatsala kumudzi. Wa ku Joni akaimba, mnzake amayamba ndi kumufunsa ngati akukumbukabe kudya nsima ndi manja. Iye amabwezera pofunsa ngati njinga yothoka mabuleki ija ikadayendabe. Kukakhala kuti Bullets yakwapula Wanderers, wa Manoma samapuma.

Zenizeni zimabisala m'kati mwa phwetelo. Wakumudzi akati mnzake wanenepa ndi marandi mpaka kuiwala osauka, nthawi zambiri amakhala akunena kuti zinthu zathina. Winayo akaseka n'kunena kuti bwana wake ndi wouma manja kuposa mphunzitsi wawo wa masamu, uthenga wafika kuti mwezi uno palibe chotumiza. Wopempha sanadzichotse ulemu, wokana naye sanachite manyazi.

Koma nthabwala za pa lamya zili ndi malire. Nkhope sizionana, choncho mawu omwe pabwalo akadaphweka ndi kumwetulira amafika owuma. Nkhani ya mapepala okhalira m'dziko la eni, ntchito yosambitsa nkhalamba ku Mangalande, kapena mayendedwe a mkazi wotsala kumudzi, zimabaya ngakhale zinenedwe moseka. Vuto lina ndi lamya yoikidwa pokweza mawu: dzina lachipongwe lomwe limakoma pa awiri limasanduka chitonzo likamveka pamaso pa ana kapena apongozi.

Kudziwa kuti zalakwika n'kosavuta. Mnzako yemwe amakutchula kuti "iwe" akayamba kunena kuti "inu", kufunsa za kunyumba mwaulemu n'kutsanzika msanga, ndiye kuti china chake chamukhudza. Ulemu wadzidzidzi pakati pa anzake a paubwana ndi chizindikiro cha mtunda, woposa wa pakati pa Ntcheu ndi Joni.

Odziwa kusunga anzawo salimbikira nthabwala yomwe yapweteka. Amaimbanso tsiku lina, kupepesa mwachidule, kenaka n'kudziseka okha kaye. Mnzawo akabwezera chipongwe, amadziwa kuti mlandu watha.