Mtengo wa sheya yatsopano: amaupeza bwanji, nanga umagweranji?

Kampani ikafuna kugulitsa masheya kwa anthu koyamba, sipakhala mtengo wakale woti n'kutengerapo. Ndiye imalemba ntchito mabanki, omwe amaunika ndalama zimene imapeza, n'kuiyerekeza ndi makampani ofanana nayo amene ali kale pamsika. Akatero amalengeza malire a mtengo, wotsika ndi wokwera. Mabwana a kampaniyo amayendera ogula akuluakulu, monga osunga ndalama za penshoni, ndipo aliyense amanena masheya amene akufuna ndi mtengo umene angalipire. Mabanki amasonkhanitsa zonsezi m'kaundula, ndipo mtengo weniweni umagamulidwa usiku woti mawa malonda ayamba. Pamsika wa ku Malawi zimasiyana: mtengo umalembedweratu m'chikalata choitanira ogula, monga K12.69 ya Airtel Malawi.

Kampani ya Snap, eni Snapchat, ikuonetsa bwino mmene zimayendera ku America. Mu 2017 malire ake anali madola 14 mpaka 16, koma ofuna atachuluka, mtengo unaikidwa pa 17. Pa 2 Malichi, pamsika wa New York, sheya inatsegula pa madola 24 n'kutseka pa 24.48, kukwera ndi 44 peresenti.

Kukwera kotere nthawi zambiri kumakhala kokonzeratu. Mabanki amatsitsako mtengo dala kuti masheya onse athe, komanso kuti ogula akuluakulu, omwe ndi makasitomala awo a tsiku ndi tsiku, adzabwerenso. Amene amalipira ndi kampani: Snap pamodzi ndi eni masheya ake akale anagulitsa masheya 200 miliyoni, choncho kusiyanako kunali pafupifupi madola 1.5 biliyoni amene sanalowe m'matumba mwawo. Phindulo linapita kwa amene anapatsidwa masheya pa 17. Munthu wamba anagula pa 24.

Mtengo wa tsiku loyamba sukhalitsa chifukwa umapangidwa ndi masheya ochepa ndi ogula otengeka. Eni kampani, antchito ndi amene anaikamo ndalama kale amasaina pangano loti asagulitse awo, kawirikawiri kwa masiku 180. Ofuna ali ambirimbiri, katundu ali wochepa, mtengo umafufuma ngati wa chimanga mu Januwale. Mabankinso amaloledwa kugula masheya masiku oyambirira kuti mtengo usatsike, koma thandizoli limatha.

Kenako pamabwera malipoti a zachuma. Mu Meyi 2017 Snap inalengeza kuti yaluza madola 2.2 biliyoni m'miyezi itatu, zambiri chifukwa cha masheya opatsa antchito, ndiponso kuti ogwiritsa ntchito Snapchat sakuchuluka monga ankayembekezera. Mtengo unagwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu tsiku limodzi. Mu Julayi, pangano loletsa kugulitsa lili pafupi kuyamba kutha, sheya inatsika kupyola pa madola 17.

Choyenera kufufuza m'chikalata choitanira ogula ndi kuchuluka kwa masheya ogulitsidwa poyerekeza ndi onse, ndiponso tsiku limene eni adzamasulidwe kugulitsa awo.