Timizere ta sparkline: malonda a katundu wambiri patebulo limodzi

Sparkline ndi kachithunzi ka mzere kokwanira m'kabokosi kamodzi ka tebulo la pakompyuta. Dzinali linachokera kwa Edward Tufte wa ku America, ndipo Microsoft inaika timizereti mu Excel 2010.

Mwini golosale wogulitsa katundu wa mitundu 30 amalemba mayina a katunduyo m'danga A, ndipo malonda a Januwale mpaka Disembala amakhala kuyambira B mpaka M. Akasankha N2 mpaka N31, amapita pa Insert, kenako Line m'gulu la Sparklines, n'kulemba `B2:M31` pa Data Range. Katundu aliyense amapeza kamzere kake, ndipo diso likangotsika ndi dangalo limaona kuti shuga akukwera pang'onopang'ono pomwe makope amalumpha mwezi wotsegulira sukulu. Kuchonga High Point kumaika kadontho pamwezi umene katunduyo anayenda kwambiri.

Koma timizereti timanyenga munthu wosasamala. Excel imayeza kamzere kalikonse payokha, choncho sopo amene wachoka pa 100 kufika pa 104 amaoneka ngati wakwera mofanana ndi mafuta ophikira amene achoka pa 100 kufika pa 400. Wofuna kuyerekeza katundu wosiyanasiyana amasankha Same for All Sparklines pansi pa Axis, pamalire apansi ndi apamwamba omwe. Izinso zili ndi vuto lake: katundu wogulidwa pang'ono amangogona ngati chingwe. N'chifukwa chake nambala ya malonda a chaka chonse iyenera kukhala pafupi ndi kamzere kalikonse.