Ziro mmodzi anasocheretsa makalata a banki

Pa banki ina, a ku nthambi ya ngongole anayamba kudandaula kuti maimelo a makasitomala sakufika. Otumizawo ankanenetsa kuti anatumiza, ndipo palibe uthenga umene unkawabwerera wonena kuti kalata yakanika. Koma maimelo otumizirana okhaokha m'bankimo ankafika bwinobwino.

Katswiri wa makompyuta wa pabankipo anafufuza m'kaundula wa seva yatsopano ya makalata, imene anali atangoikhazikitsa kumene. Makalata osowawo sanalembedwemo n'komwe. Apa anadziwa kuti akusochera asanafike. A m'kati ankafika chifukwa safunsa njira kunja.

Munthu wakunja akatumiza imelo, seva yake imayamba yafunsa DNS, kaundula wa maadiresi a pa intaneti, kuti makalata a bungwelo amalandiridwa kuti. Yankho limakhala m'mizere yotchedwa MX, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala komanso dzina la seva. Nambalazi zili ngati zija timalandira pamzere ku banki: yaing'ono ndiyo imayamba. Seva ya nambala yaikulu imayesedwa pokhapokha yoyambayo ikapanda kuyankha.

Katswiriyo anafunsa DNS yekha (dzina la example.com likuimira la bankiyo):

```
$ dig +short MX example.com
20 old.example.com.
100 new.example.com.
```

Anaitana mkulu wake. "Bwana, taonani apa. Seva yatsopanoyi imafunika kukhala pa 10, koma palembedwa 100."

Ziro wowonjezerayo anasandutsa seva yakale ya pa 20, imene anaisiya kuti izithandiza pakagwa vuto, kukhala yoyamba. Choipa kwambiri n'chakuti inali idakali ndi mabokosi akale a ogwira ntchito. Inkalandira kalata, n'kuyankha nambala 250 yotsimikiza kuti yalandira, kenako n'kuisunga m'bokosi limene palibe ankalitsegulanso. Seva ya wotumiza ikamva 250 imati ntchito yatha, n'chifukwa chake panalibe chenjezo. Seva yakaleyo ikanakhala yozimitsidwa, makalata akanapitirira ku yatsopano.

Atailowa, anapeza makalata onse ali mbwee, mafomu a ngongole ndi madandaulo omwe. Anasintha 100 kukhala 10, koma sanathamangire kulengeza kuti zatheka. Maseva ena amasunga yankho lakale mpaka nthawi yotchedwa TTL itatha, ndipo apa inali masekondi 3600, kutanthauza ola limodzi. Olalo litadutsa, anatumiza imelo kuchokera pa adiresi yakunja, n'kuiona ikulembedwa m'kaundula wa seva yatsopano. Kenako anasamutsa makalata otsalira aja, ndipo anakonza seva yakale kuti izingopatsira yatsopano chilichonse chimene yalandira.

Kuyambira pamenepo, aliyense wosintha MX pabankipo amauza mnzake kuti awerengenso manambalawo, ndipo amayesa ndi imelo yochokera kunja, chifukwa ya m'kati singaulule vutoli.