Kalendala ya golosale imayambira m'thumba la kasitomala

Pa 14 Okutobala chaka chilichonse mumapeza eni magolosale ali piringupiringu m'mashopu oodetsa katundu ku Lilongwe ndi ku Limbe, kusaka zitenje zoti akagulitse mawa lake, pa Tsiku la Anakubala. Pofika kwawo amapeza ana atagulira kale mphatso kwina, ndipo mpamba umagona pashelefu mpaka Khirisimasi. Chimene chasowa apa si ndalama ayi, koma kalendala.

Tiyerekeze golosale ya pamsika wina ku Kasungu. Mwini wake atenge kope, mwezi uliwonse tsamba lake, n'kulemba zinthu ziwiri: tsiku limene anthu amagula, ndiponso kumene ndalama yawo imachokera. Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya chilala cha m'thumba, pakuti makolo alipira fizi ndipo chimanga chikadali kumunda. Apa wanzeru satsitsa mtengo koma amagawa shuga, mchere ndi mafuta ophikira m'timapaketi ting'onoting'ono. Cha mu Epulo msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, mlimi amagula zazikulu: mapoto, zidebe, ndiponso mabulangete a m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye. Seputembala ndi wa makope, zolembera ndi sopo wa ana a sukulu zogonera konko. Mbewu ndi makasu zifike mvula ya Novembala isanagwe. Isitala ndi Idi zimasuntha, moti Idi imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho masiku ake alembedwe mwatsopano Januwale aliyense.

Tsiku likadziwika, werengani chobwerera m'mbuyo. Za pa 15 Okutobala, katundu aodedwe kumayambiriro kwa Seputembala, chikwangwani chipachikidwe pofika pa 25, kuti a pantchito akamalandira malipiro a mweziwo achione.

Ambiri amagwa pa nkhani yotsitsa mtengo. Tinene kuti chitenje mwaoda pa K8,000 ndipo mumagulitsa K10,000. Phindu ndi K2,000. Mukachotsako K1,000 kuti mukope anthu, phindu latsika ndi theka, kotero mufunika kugulitsa zitenje 40 kuti mupeze K40,000 imene zitenje 20 zikadakupatsani pa mtengo wakale. Ngati dera lanu mulibe ogula ochuluka chotero, ikani banyira m'malo mwake: wogula zitenje ziwiri apatsidwe sopo wa K600. Mwataya K300 yokha pa chitenje, koma kasitomala wapita akusimba.

Nyengoyo ikatha, bwererani ku tsamba lija n'kulemba katundu amene munaoda, amene watuluka ndi amene watsala. Ngati anthu anadzaza pakhonde koma ndalama yokaodera ya Disembala yaperewera, ndiye kuti munatsitsa mopyola. Ngati zitenje zinatha pa 10 Okutobala, munaoda zochepa. Chaka chamawa simudzayambanso mongoganizira, chifukwa kope lija lidzakhala litakuuzani kale chochita.