Chidziwitso cha chilango: mpingo umve chigamulo, mlandu utsale m'bwalo

Bwalo la akulu a mpingo likhoza kukhalira mlandu umodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mboni zimalankhula, woimbidwa mlandu amayankha, ena amagwetsa misozi, mlembi amadzaza masamba. Koma Lamulungu likafika, zonsezo zimayenera kutuluka m'ziganizo zinayi kapena zisanu, pakati pa chidziwitso cha maliro ndi cha chopereka cha masika. Ntchito yosankha mawu amenewo imagwera mlembi wa mpingo, ndipo alembi ambiri amangotsegula buku la maminitsi n'kuyamba kufupikitsa. Kulakwa kumayambira pomwepo. Maminitsi amasunga mlandu kuti bwalo lidzaukumbukire ndiponso kuti presibitale idzauone ngati munthu wachita apilo. Chidziwitso cha kuguwa chili ndi ntchito ina: kuuza akhristu zimene zasintha ndi zimene iwo ayenera kuchita.

Tiyerekeze nkhani ya mtundu umene mabwalo a mipingo amakumana nawo kawirikawiri. Dikoni wina wapabanja, timutche Bambo Uje, wavomera pamaso pa akulu kuti anali pachibwenzi ndi mayi wina wa m'kwaya. Amene anabweretsa nkhaniyi ndi akazi awo, atapeza mauthenga pafoni. Zokambirana zili m'kati, mayiyo chifukwa cha kuwawidwa mtima anatchulanso zotsatira za magazi amene anakayezetsa kuchipatala. Bwalo lagamula kuti bamboyo asiye udikoni, aimitsidwe pa Mgonero wa Ambuye, ndipo alowe chilangizo.

Mlembi wofuna kuti mpingo uone kuti akulu agwira ntchito akhoza kulemba motere: "Bwalo la mpingo likudziwitsa akhristu onse kuti Bambo Uje adulidwa chifukwa cha khalidwe lonyansa la chigololo limene akhala akuchita ndi mayi wina wa m'kwaya yathu. Nkhaniyi inabwera ndi akazi awo, amene akuvutika ndi matenda amene alowa m'banjamo. Tonse titengerepo phunziro."

Bodza mulibe m'mawu amenewa, koma tawerengani anthu amene avulazidwa. Bwalo linalanga munthu mmodzi. Chidziwitsocho chalanga mkazi wake, amene tsopano adzatchedwa woneneza mwamuna kwa akulu, komanso amene mudzi wonse wamva kuti ali ndi kachilombo, pakuti palibe Mmalawi amene angamve mawu akuti "matenda alowa m'banja" n'kuganiza za malungo. Chalanga ana awo, amene Lolemba akapeza nkhaniyo itawatsogolera kusukulu. Chalanganso amayi onse a m'kwaya, chifukwa mawu akuti "mayi wina" amachititsa anthu kuyang'ana mzere wonse n'kumasankha okha. Mlembi angaganize kuti wabisa dzina, pamene wangogawira anthu khumi manyazi a munthu mmodzi.

Pa nkhani ya matendayi palinso malamulo a dziko. Gawo 21 la malamulo aakulu a Malawi limateteza ufulu wa munthu wokhala ndi chinsinsi pa moyo wake, ndipo lamulo la 2018 lokhudza kupewa ndi kusamalira za Edzi limaletsa kuulula kuti munthu ali ndi kachilombo iye asanalole. Guwa silichotsa mlembi kapena mbusa pansi pa malamulo amenewa. Ndipo munthu amene wanenedwa pagulu zinthu zimene bwalo silinatsimikize ali ndi mwayi wokasuma kukhoti kuti amuipitsira mbiri.

Chidziwitso chomwecho chikhoza kulembedwa chonchi: "Bwalo la akulu a mpingo linakumana Loweruka lapitali ndipo linakambirana ndi mbale wathu, Bambo Uje. Motsatira malamulo a mpingo wathu, bwalo lagamula kuti kuyambira lero asiye kutumikira monga dikoni, ndipo aimitsidwe pa Mgonero wa Ambuye kufikira bwalo lidzaonenso nkhani yawo. Akulu awiri asankhidwa kuti aziwayendera. Akhristu a dera limene ankatumikira azipereka zopereka zawo kwa mkulu wa mpingo wa dera lomwelo. Bambo Uje akadali mbale wathu ndipo azipembedza nafe. Tiwapempherere. Amene ali ndi funso aonane ndi abusa."

Chiganizo chilichonse apa chikupatsa womvera chochita kapena chikumuteteza ku kusokonezeka. Dzina latchulidwa chifukwa dikoni ndi munthu amene anthu amamupatsira ndalama za mpingo. Akapanda kuuzidwa, gogo wa kudera apitiriza kumutula chakhumi chake. Amene wagamula watchulidwa kuti anthu asaganize kuti ndi mkangano wa abusa ndi dikoni wawo. Mawu akuti "adulidwa" alowedwa m'malo ndi zinthu ziwiri zenizeni zimene zaimitsidwa, udindo ndi Mgonero, chifukwa kwa akhristu ambiri kudulidwa kumamveka ngati kuthamangitsidwa, ndipo ena amayamba kumulambalala munthu ngakhale pamaliro. Mawu monga "lonyansa" ndi "lochititsa manyazi" achoka onse. Amenewo sauza mpingo kanthu. Amangoonetsa mkwiyo wa wolemba. Ngakhale pempho lakuti tipempherere "banja lawo" ndalisiya mwadala, poti pa nkhani ngati iyi mawu amenewo amaloza kuchipinda.

Funso limene akulu amatsutsana kwambiri ndi lakuti, kodi tchimolo litchulidwe? Alipo amene amaona kuti njira yapakati ndi kunena nambala ya lamulo, kuti mbale walakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri. Ine sindiona kuti zimenezi zimabisa kanthu. Mwana aliyense amene anadutsa m'kalasi amadziwa lamulo limenelo, ndipo tchimo lake limafuna anthu awiri, choncho mpingo umatuluka m'tchalitchi ukufunafuna wachiwiriyo. Ena amati mukabisa chifukwa, anthu amapeka zoipa zoposa zenizeni. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo pali nthawi imene imapambana. Msungichuma akaimitsidwa, anthu amene anasonkha ndalamazo ali ndi ufulu womva kuti nkhani ikukhudza kasungidwe ka chuma cha mpingo ndi kuti mabuku akufufuzidwa. Pamenepo olakwiridwa ndi omvera omwewo. Koma pa nkhani ya Bambo Uje olakwiridwa ndi akazi awo, ndipo kutchula tchimolo kumawonjezera bala la munthu amene sanalakwe. Muyeso wanga ndi umenewu: tchulani mtundu wa cholakwa pokhapokha ngati mpingo ungavulale posaudziwa.

Malemba amene mipingo imatsamira pa chilango amaloza komweko. Pa Mateyu 18, ndime 15 mpaka 17, nkhani imayambira kwa anthu awiri, kenako mboni, ndipo imafika ku mpingo pokhapokha munthu akakana kumva. Pa 1 Timoteo 5 kudzudzula pamaso pa onse kukukambidwa pa nkhani ya akulu, anthu audindo. Ndiye kuti mkhristu wamba amene wadzibweretsa yekha kwa abusa, pa nkhani imene mudzi suidziwa, mwina safunika kulengezedwa n'komwe. Apa mlembi ayambe waona zimene buku la malamulo a mpingo wake likunena, monga Zolamulira kwa a Sinodi ya Nkhoma. Ngati bukulo likulamula kulengeza, lengezani zimene likufuna, osapitirira.

Mawu akhoza kukhala oyera koma chinsinsi n'kutulukira pena. Mayi wa m'kwaya uja nayenso ali ndi chigamulo chake. Mukawerenga chidziwitso cha bambo, n'kutsatiza cha mayiyo mphindi yomweyo, mwaulula zonse popanda kutchula liwu limodzi la mlandu. Zipatuleni masiku, ndipo ngati malamulo a mpingo akulola, cha munthu wopanda udindo chithere kwa iye mwini ndi mkulu wa dera lake. Wowerenga nayenso awerenge zimene zalembedwa basi. Kupukusa mutu, kuusa moyo, kapena kuwonjezera kuti "enanu mukudziwa kale" kumagwetsa ntchito yonse. Ulaliki wa tsikulo ukakhala wa Davide ndi mkazi wa Uriya, chidziwitso chofatsa chija sichithandizanso.

Masiku ano mapemphero ambiri amaulutsidwa pa Fesibuku, ndipo zokuzira mawu za matchalitchi ena zimamveka mpaka kumsika. Chidziwitso cha chilango chiwerengedwe alendo ndi ana atatuluka, kamera itazimitsidwa. Chisakhomedwe pakhomo, chisatumizidwe pagulu la Watsapu la mpingo, pakuti chithunzi chimodzi chimafika ku Joni dzuwa lisanalowe, ndipo madzi akatayika saoleka. Pakatha zaka, munthuyo atalapa ndi kubwezeredwa, chithunzicho chimakhala chidakali m'mafoni.

Chisanawerengedwe, chiyesedwe kawiri. Koyamba, chipatseni mkulu amene sanakhale nawo pamlandu, mumufunse kuti watolamo chiyani. Akatha kunena tchimolo kapena kuloza munthu wina, chibwezeni chikakonzedwe. Kachiwiri, akulu awiri akamuwerengere mwini wake liwu ndi liwu, ndipo akazi ake amve nawo. Iye sangasinthe chigamulo, koma akhoza kukonza cholakwika, ndipo sayenera kumva tsogolo lake koyamba ali pabenchi. Akanena kuti akuchita apilo ku presibitale, nzeru ndi kudikira, kapena kulengeza kuti waima kaye pa udindo pamene nkhani ikuonedwa, osalankhula ngati zatha.

Pali malo amodzi pamene kufatsa kwa mawu kumasanduka tchimo. Ngati mphunzitsi wa Sande sukulu akunenedwa kuti wagwirira mwana, imeneyo si nkhani yothera m'bwalo la akulu. Ipite kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa a zachisamaliro cha anthu. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana. Makolo ayenera kuuzidwa momveka kuti munthuyo waletsedwa kugwira ntchito iliyonse ndi ana, kuti nkhani ili m'manja mwa boma, ndi kuti aliyense amene ali ndi nkhawa akanene kwa yani. Chidziwitsocho chisamugamule khoti lisanagamule, ndipo chisatchule dzina la mwanayo, msinkhu wake, kalasi yake kapena mudzi wake. Munthuyo akapempha kalata yosamukira ku mpingo wina, abusa a kumeneko auzidwe zoona. Chinsinsi chimene tikuteteza pano ndi cha mwana, osati mbiri ya mpingo.

Alembi a mipingo, tsiku limene mukulemba chidziwitso cha chilango lembaninso m'buku tsiku limene bwalo lidzaonenso nkhaniyo. Bambo Uje akadzabwezeredwa, mudzalengeze pamalo pomwe munalengezera chilango chawo, pamaso pa anthu omwewo, kuti abwerera ku Mgonero wa Ambuye, ndipo musadzatchulenso chimene chinawachotsa.