Ola lomwe positi imapeza anthu ali maso

Ku Limbe, mayi wogulitsa zitenje amatha kujambula katundu watsopano m'mawa, n'kuponya chithunzicho pa Facebook nthawi yomweyo, kenako n'kumadikira tsiku lonse osamva foni ikulira. Mawa lake waponya chitenje chosaoneka bwino kwenikweni cha m'ma 8 koloko usiku, mauthenga ofunsa mtengo n'kuyamba kugwa ngati mvula. Ochita malonda a pa foni ambiri anaziwonapo izi, ndipo amafika poganiza kuti payenera kukhala ola lamwayi. Olalo lilipodi, koma aliyense ali ndi lake, ndipo limabisala m'manambala a mapositi ake akale.

Nthawi imagwirabe ntchito ngakhale kuti Instagram inasiya kuonetsa mapositi motsata nthawi mu 2016, Facebook itasiya kale. Positi yomwe anthu aigwira msanga, kuilaika, kuyankhapo ndi kutumizirana, makina amaiona ngati yokoma ndipo amaipititsa kwa ena. Yotuluka anthu ali m'tulo imayamba ulendo wake mozizira.

Zida zothandiza zilipo kale. Mu Meta Business Suite, yomwe ndi yaulere, muli gawo la Planner lomwe limalola munthu kukonzeratu positi kuti idzatuluke yokha, ndipo limamulozera nthawi zomwe omutsatira amakhala pa intaneti. Instagram nayo imaonetsa Most active times kwa amene ali ndi akaunti yabizinesi ndi omutsatira osachepera 100. Hootsuite ili ndi Best Time to Publish. Koma apa pali pogwera ambiri: kukhala pa intaneti ndi kwina, kulabadira positi yako ndi kwina. Ola lomwe anthu adzaza pa foni ndi lomwenso ogulitsa ena onse akuponya zawo, ngati msika wa Loweruka. Choncho amene akufuna yankho lenileni amatsitsa manambala a mapositi ake n'kuwerengetsa yekha.

Tiyerekeze kuti mayi wa zitenje uja waponya mapositi 60 m'miyezi itatu. Sabata imodzi ili ndi maola 168, kotero mapositi 60 sangakwanire kuyesa ola lililonse. Maola ambiri adzakhala opanda kanthu, ena adzakhala ndi positi imodzi yokha, yomwe singauze munthu chilichonse. Chanzeru ndi kugawa tsiku m'zigawo zinayi zokha: m'mawa kuyambira 6 mpaka 9 koloko, nthawi ya nkhomaliro, madzulo poweruka, ndi usiku kuyambira 7 mpaka 10 koloko. Pa positi iliyonse amaphatikiza malaiki, makomenti ndi kutumizirana, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu amene positiyo inawafikira. Yomwe yafikira anthu 500 n'kugwiridwa ka 35 yapeza 7 pa 100 alionse. Asanayambe amachotsa mapositi omwe anawalipirira kuti afalikire, chifukwa amenewo anayenda ndi ndalama, komanso a sabata yomwe ino, omwe sanamalize ulendo wawo.

Tsopano zotsatira. Mapositi asanu a nthawi ya nkhomaliro apeza 3, 4, 4, 5 ndi 34. Akaphatikiza n'kugawa ndi zisanu, yankho ndi 10. Mapositi a usiku, omwe ndi ochuluka, akungozungulira pa 6, 7 ndi 8. Wongoyang'ana pamwamba anganene kuti masana apambana, ndipo chida chowerengera mwachidule chinganenenso chimodzimodzi.

Koma 34 uja wachokera kuti? Akaibwerera positiyo, apeza kuti ndi tsiku lomwe analonjeza chitenje chaulere kwa amene atchule anzake atatu. Anthu anakhamukira mphatso, ndipo akanabwera ngakhale pakati pa usiku. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amandandalika manambala kuyambira laling'ono mpaka lalikulu n'kutenga lapakati. Mu Excel kapena Google Sheets ndi mzere umodzi wokha:

```
=MEDIAN(B2:B6)
```

Yankho la masana limatsika kufika pa 4, pomwe la usiku likhala pa 7. Usiku ndiye mwini mpando.

Gawo lotsatira ndi losavuta moti silifuna mawu ambiri. Mu Buffer munthu amasankha masiku ndi maola, mwachitsanzo Lachiwiri, Lachinayi, Lachisanu ndi Lamlungu nthawi ya 7:30 usiku, ndipo positi iliyonse yomwe walemba imaima pamzere n'kulowa pampata wotsatira. Mayi uja angathe kukhala pansi Lolemba m'mawa, n'kukonza zonse za sabatayo pa ola limodzi netiweki ikadali bwino. Magetsi azime, bandulo ithe, positi idzatulukabe chifukwa ili kale m'makina a kampaniyo.

Vuto lalikulu limabwera mwakachetechete patapita miyezi. Manambala amadziwa maola okhawo omwe munthu anaponyapo kale. Ngati mwa mapositi 60 aja aliponso awiri okha a m'mawa, ndiye kuti m'mawa sanagonje, sanalowe n'komwe m'bwalo. Ndandanda ikayamba kuponya usiku wokhawokha, manambala atsopano onse adzakhala a usiku, ndipo mwezi uliwonse makina adzadzivomereza okha kuti usiku ndiye wabwino. Omutsatira angasinthe, mwina awonjezeka aphunzitsi ndi anamwino amene amatsegula foni m'minibasi ya m'mamawa, koma ndandandayo siidzamva. Mankhwala ake ndi kusiya dala mpata woyesera: pa mapositi asanu a sabata, anayi alowe pa ola lopambana, imodzi izisinthasintha m'zigawo zinazo. Ndipo yoyeserayo ikhale ya mtundu womwewo ndi zinzake. Kuika kanema wokongola usiku ndi chithunzi chakuda m'mawa, kenako n'kunena kuti m'mawa ndi woipa, ndi kuweruza mlandu wodziwa kale mathero ake. Pakutha pa mwezi amawerengetsanso, pogwiritsa ntchito masiku 90 apitawa okha, n'kusuntha mipata ngati chigawo china chakwera ndi mapositi okwanira, tinene khumi.

Palinso nkhani ya wotchi. Zida zina zimalemba nthawi mu UTC, yomwe ili m'mbuyo mwa nthawi ya ku Malawi ndi maola awiri, choncho positi ya 8 koloko usiku imaoneka ngati ya 18:00, n'kugwera m'chigawo cholakwika. Njira yodziwira ndi kutenga positi imodzi yomwe munthu akukumbukira bwino ola lake n'kuiyerekeza ndi zomwe zalembedwa. Kwa amene makasitomala ake ali ku Joni palibe chovuta, wotchi ndi imodzi. A ku Britain ndiwo amasuntha: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amatsalira ndi ola limodzi, miyezi inayo amatsalira ndi awiri.

Zina manambala a ola sazigwira. Positi ya pa 28 imakumana ndi anthu olandira kumene malipiro, ya pa 15 imakumana ndi matumba obooka, ngakhale zonse zitatuluka 7:30 usiku. Malaiki nawonso si ndalama. Wogulitsa wochenjera amawonjezera danga lina lolembamo kuti ndi angati anafunsadi mtengo. Ndipo ngati ola lopambana ndi 10 koloko usiku pomwe mwini wake amakhala atagona, funso lakuti "Mayi, chitenjechi ndi zingati?" lidzagona osayankhidwa mpaka wofunsayo atagula kwina. Apo kuli bwino kutenga ola lachiwiri pamndandanda.

Komanso ndandanda siimva za maliro. Namondwe wa Freddy atagunda Blantyre mu Malichi 2023, positi iliyonse yokonzedweratu yoitanira anthu ku malonda otchipa ikanatuluka pa nthawi yake, pakati pa zithunzi za ku Chilobwe. Buffer ili ndi batani la Pause Queue loimitsira mzere wonse, ndipo mu Planner munthu angathe kusuntha kapena kuchotsa positi iliyonse isanatuluke. Ndi bwino kudziwiratu pomwe mabatani amenewa ali, ndi kuuza wachiwiri pa bizinesiyo, chifukwa tsiku lotere mwini foni amatha kukhala kumene kulibe netiweki.