Mwana akatha masiku osachita chimbudzi

Kamdzukulu ka mchemwali wanga, ka zaka ziwiri ndi theka, kanatha masiku asanu osachita chimbudzi. Nthawi ndi nthawi kankathawira kuseri kwa chitseko, n'kuima chanyomphonyompho, miyendo itapingasa, nkhope ili psuu. Amayi ake ankati mwana akuyesetsa koma zikukanika. Agogo ake anangokayang'ana kamodzi n'kunena kuti, “Iwe, ameneyu sakukankha ayi, akubweza.”

Agogowo ananena zoona, ndipo kudzimbidwa kwa ana ambiri kumayenda motero. Tsiku lina mwana amachita chimbudzi cholimba, mwina mpaka kung'ambika pang'ono kotulukira. Ululuwo saiwala. Chikamupezanso, amafinya matako kuti chisatuluke. Tsoka lake n'lakuti thumbo lalikulu ntchito yake ndi kuyamwa madzi, ndiye chimbudzi chikakhalitsamo chimaumirako n'kukula, potuluka n'kupweteka kuposa kale. Kukalipa kapena kukwapula kumangowonjezera manthawo. Ena amaopanso dzenje la chimbudzi chokumba, ndipo ndani angawanene?

Musamangowerenga masiku, onani chimene chatuluka. Timibulu touma ngati ta mbuzi, kapena chimpukutu cholimba chotuluka ndi misozi, kumeneko ndiye kudzimbidwa. Khanda longoyamwa bere lokha likapitirira milungu 6 limatha kukhala sabata yathunthu osachita, ndipo ngati likuyamwa bwino, mimba ili yofewa, chotulukanso n'chofewa, palibe vuto. Khanda losakwana miyezi 6 musalipatse madzi, phala kapena mankhwala azitsamba. Chinanso chimene chimapusitsa makolo ndi timadzi tachimbudzi todetsa kabudula. Amati mwana watsegula m'mimba, pamene ndi chamadzi chimene chikulambalala chouma chija chitatseka njira.

Titafunsa zimene kamwana kaja kankadya, tinapeza phala la ufa woyera m'mawa, sikono ndi tiyi, nsima yoyera ya msuzi wokhawokha, ndi tamupaketi tokhukhuluza ta pa golosale. Ufa woyera timaukonda, koma pokonola ndi kuviika chimanga, gaga amapita ku nkhuku, pomwe gagayo ndiye amasunga madzi m'chimbudzi kuti chikhale chofewa. Phala linasinthidwa kukhala la mgaiwa lothira nsinjiro. Masana anayamba kukapatsa nyemba zopotera pamodzi ndi makoko ake, nkhwani kapena bonongwe woduladula bwino, therere, mbatata. Tsiku lililonse kankadya chibenthu cha papaya wakupsa, ndipo mango kapena peyala zimagwiranso ntchito yomweyo. Kusinthaku kuzichitika pang'onopang'ono, chifukwa nyemba zambiri tsiku limodzi zimadzaza mpweya m'mimba.

Mgaiwa wopanda madzi suthandiza. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika zakumwa pafupifupi lita imodzi patsiku, makamaka madzi, ndipo m'chilimwe cha Okutobala amafunika zoposa apo. Akamasewera saitanitsa, muzichita kumupatsa. Ngati amangokhalira mkaka wa ng'ombe mpaka kukana nsima, uchepetseni.

Mimba ikalandira chakudya, matumbo amayamba okha kukankha. Choncho akangotha kudya, mukhazikeni pa poti mphindi zisanu zokha, mapazi atagunda pansi ndipo mawondo atakwera kuposa chiuno. Kunyonyomala kwathu kuja n'kwabwino kwambiri. Akapanda kuchita, adzuke popanda kunyozedwa. Madzulo mutha kumusambitsa madzi ofunda n'kumusisita pamimba ndi timafuta, kuyambira m'munsi kudzanja lake lamanja, kukwera, kudutsa kunsi kwa nthiti, n'kutsikira kumanzere, mmene thumbolo limayendera.

Za kasopo kolowetsa kumatako, kupopera madzi azitsamba, mafuta a nsatsi kapena mapiritsi otsegula m'mimba a akuluakulu, zisiyeni. Sopo amawotcha malo amene ang'ambika kale, ndipo mwana amaopa chimbudzi kuposa poyamba.

Chakudya chimafewetsa chimbudzi chatsopano, koma chouma chimene chaunjikana kale nthawi zambiri sichisuntha nacho. Pakatha masiku awiri kapena atatu osasintha, pitani naye kuchipatala. Kumeneko angamupatse mankhwala akumwa otsekemera otchedwa lakitulozi, amene amakokera madzi m'thumbo ndipo amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti agwire. Makolo ambiri amasiya mwana akangochita kamodzi, vuto n'kubwerera. Thumbo lotanuka limatenga milungu, mwina miyezi, kuti libwerere mwakale.

Koma musadikire n'komwe ngati mimba yatupa n'kulimba, akusanza makamaka zobiriwira, watentha thupi, wafooka, saphwisa, akutuluka magazi ambiri kapena sikelo yake ikutsika. N'chimodzimodzinso khanda limene latha maola 48 chibadwire osatulutsa chimbudzi chakuda choyamba chija.

Kamwana kaja kanachita tsiku lachisanu ndi chiwiri, katamwa mankhwala akuchipatala, kakulira ndithu. Kuseri kwa chitseko kanasiya kupitako patatha mwezi ndi theka.